Kakonzedwe ka lipoti lofanizira bajeti ndi ndalama zomwe zagwiritsidwa ntchito pa pulojekiti ya thandizo

Mwezi ukangotha, mkulu wa pulojekiti amabwera ku ofesi ya zachuma ndi funso limodzi: tili bwanji pa bajeti? Yankho lake ndi lipoti la tsamba limodzi lomwe limaika ndalama zomwe tinakonza pafupi ndi zomwe zatulukadi, n'kuonetsa kusiyana kwake, ndipo pambali pa mzere wosiyana kwambiri ndi bajeti pamakhala chizindikiro: `F`, kuchokera ku `Favourable`, ngati kusiyanako kwatikomera, kapena `A`, kuchokera ku `Adverse`, ngati kwatiipira. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Chovuta n'chakuti lipotili limatha kukhala lolondola pa manambala onse koma n'kusocheretsa woliwerenga, makamaka kudzera mwa `F` uja, yemwe anthu ambiri akamuona amapumira m'mwamba.

Tiyenda ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Bungwe lina lalandira thandizo la K120,000,000 la chaka chimodzi, Januwale mpaka Disembala, loti liphunzitse alimi ulimi wothirira ndi kugulira makalabu awo mapampu oyendera dzuwa. Tili kumapeto kwa Juni. Manambala onse, kuphatikiza mitengo ya mafuta ndi mapampu, ndi ongoyerekezera. Ndigwiritsa ntchito Excel, koma mafomula omwewa amayendanso mu LibreOffice Calc ndi mu Google Sheets.

Poyamba, gawani bajeti m'miyezi potsata ndondomeko ya ntchito

Bajeti yomwe munasainirana ndi opereka thandizo imakhala ya chaka chonse, pomwe inu mukufuna kudziwa kuti pofika pa 30 Juni mumayenera kukhala mutagwiritsa ntchito zingati. Njira yachidule yomwe ambiri amatsata ndi kugawa mzere uliwonse ndi 12 n'kuchulukitsa ndi miyezi yomwe yatha. Pa malipiro ndi lendi ya ofesi zimenezi zilibe vuto, chifukwa ndalama zake zimatuluka chimodzimodzi mwezi ndi mwezi. Pa zipangizo ndi maphunziro n'zolakwika kwambiri.

Taonani mapampu. Bajeti yake ndi K33,600,000, mapampu 8 pa K4,200,000 iliyonse, ndipo ndondomeko ya ntchito ikuti 6 agulidwe dimba lisanayambe, awiri otsalawo mu Okutobala. Pofika Juni leja, buku lalikulu la maakaunti, ikuonetsa K27,000,000. Mukagawa bajeti pakati mupeza K16,800,000, ndipo lipoti lidzakuwa kuti mwapyoza ndi K10,200,000. Mkulu wa bungwe akaona zimenezo tulo sabwera, chikhalirecho kusiyana kwenikweni ndi K1,800,000 yokha, chifukwa mapampu 6 amayenera kudya K25,200,000.

Choncho khalani pansi ndi woyendetsa pulojekiti, ndondomeko ya ntchito ili patebulo, n'kuika ndalama iliyonse m'mwezi womwe ntchitoyo inakonzedwa kuchitika. Tsambali mulitche `Budget`. Miyezi 12 ikhale m'makolamu D mpaka O, ndipo pamutu pake, mu mzere 6, mulembe deti lenileni la tsiku loyamba la mwezi, osati dzina la mwezi chabe. Mukamaliza, onkhetsani mzere uliwonse muone ngati ukubwerera pa nambala yomwe ili m'mgwirizano.

Ndikupempha chinthu chimodzi apa: bajeti ya miyeziyi mukaikhazikitsa, musamaisunthe. Maphunziro akalephereka mu Meyi, mtima umafuna kungosamutsira ndalama zake ku Ogasiti kuti lipoti lioneke loyera. Mukatero mwafufuta chinthu chomwe lipotilo linapangidwira kuti lionetse. Bajeti isinthe pokhapokha opereka thandizo avomereza m'kalata.

Chachiwiri, tsekani mwezi musanatulutse manambala

Ndalama zomwe zagwiritsidwa ntchito zichokere mu leja, kaya mumasunga mabuku mu QuickBooks, mu Sage kapena mu Excel momwemo, osati mu sitetimenti ya ku banki. Musanazikoke, yanjanitsani buku la ndalama ndi banki, lowetsani mainvoisi onse a katundu amene wafika kale ngakhale simunalipire, ndipo onani kuti gawo la penshoni lomwe olemba ntchito amasonkha, lija la 10 peresenti, lalowa pa mzere wa malipiro. Likaiwalika, mzerewo umaoneka ngati mwapulumutsa ndalama pomwe muli ndi ngongole. Tulutsaninso mndandanda wa maadivansi omwe ogwira ntchito sanabweze malisiti ake, muusunge pafupi, tiufuna kutsogoloku.

Zomwe mwakoka muziike pa tsamba lotchedwa `Ledger`: deti mu kolamu A, nambala ya akaunti mu B, nambala ya pulojekiti mu C, kufotokoza mu D, ndalama mu E. Mapulogalamu ambiri amatulutsa ndalama zolowa zili ndi mainasi. Zitembenuzeni kuti zolowa ndi zotuluka zomwe zikhale zopanda mainasi, kupatula zobwezedwa.

Chachitatu, mangani tsamba la lipoti

Pamwamba pa tsambali ikani zinthu zinayi zomwe mafomula onse azidzayang'ana. Mu B1 nambala ya pulojekiti, mu B2 deti lotsekera lipoti, mu B3 malire a peresenti, ine ndimaika `10%`, ndipo mu B4 malire a ndalama, pa pulojekiti ya kukula chonchi `1000000`. Mitu ya makolamu ikhale mu mzere 6, manambala ayambire mu mzere 7, ndipo mizere itsatane chimodzimodzi ndi ya pa tsamba la `Budget`. Kolamu A ndi ya nambala ya akaunti, B dzina la mzere, C mtundu wake, `I` ngati ndi ndalama zolowa kapena `E` ngati ndi zotuluka, D bajeti ya chaka. Mu E muikemo bajeti ya kufika pa detilo, mu F zomwe zatulukadi:

```
E7: =SUMIFS(Budget!$D7:$O7,Budget!$D$6:$O$6,"<="&$B$2)
F7: =SUMIFS(Ledger!$E:$E,Ledger!$B:$B,$A7,Ledger!$C:$C,$B$1,Ledger!$A:$A,"<="&$B$2)
```

Ubwino wake ndi woti mwezi wamawa mungosintha deti mu B2, n'kuika leja yatsopano, zina zonse zidzitsata zokha.

Tsopano kusiyana. Apa ndi pomwe malipoti ambiri omwe ndawaonapo amapunthwa, chifukwa mzere wa zolowa ndi wa zotuluka sayenda njira imodzi. Kugwiritsa ntchito zochepera bajeti kumatikomera, koma kulandira zochepera bajeti kumatiipira. Mukagwiritsa ntchito fomula imodzi yochotsera pa mizere yonse, ndalama zomwe opereka thandizo sanatumize zidzaoneka zobiriwira ngati nkhani yabwino. Kolamu C ija ntchito yake ndi yomweyi:

```
G7: =IF(C7="I",F7-E7,E7-F7)
H7: =IF(E7=0,"n/a",G7/E7*100)
```

Mukatero lamulo likhala limodzi pa tsamba lonse: nambala yopanda mainasi yatikomera, ya mainasi yatiipira. Lembani chiganizo chimenechi pansi pa lipoti, chifukwa mabungwe ena amachotsera mozondoka, ndipo wowerenga wanu mwina anazolowera kumeneko. Peresenti ya mu H ndi ya pa bajeti ya kufika pa detilo, osati ya chaka, komanso osati ya pa ndalama zomwe zatuluka.

Chachinayi, zizindikiro

Mukati mzere uliwonse wosiyana ndi bajeti ulandire chizindikiro, tsamba lonse lidzadzaza mitundu ndipo palibe adzadziwe poyambira. N'chifukwa chake tinaika malire aja. Chizindikiro chituluke kusiyana kukafika 10 peresenti, kapena kukafika K1,000,000:

```
I7: =IF(G7=0,"OK",IF(OR(ABS(G7)>=$B$4,ABS(G7)>=$B$3*ABS(E7)),IF(G7>0,"F","A"),"OK"))
```

Malirewo ndi awiri chifukwa alionse paokha ali ndi chomwe saona. Peresenti yokha ingaphonye mapampu, omwe apyoza ndi 7.1 peresenti basi koma ndalama yake ndi K1,800,000. Ndalama yokha ingaphonye mzere waung'ono womwe wadya kawiri bajeti yake. Fomulayi imagwiranso ndalama zomwe zatuluka pa mzere womwe unalibe bajeti mwezi umenewo, imaupatsa `A` nthawi yomweyo.

Za mitundu, sankhani mizere yonse kuyambira mzere 7, pitani pa `Home`, `Conditional Formatting`, `New Rule`, musankhe `Use a formula to determine which cells to format`, n'kulemba `=$I7="A"` ndi mtundu wofiira. Bwerezani ndi `=$I7="F"`. Ine `F` ndimamupatsa mtundu wachikasu, osati wobiriwira, pa chifukwa chomwe mudzachiona posachedwa. Zilembozo musazichotse poti mitundu ilipo, chifukwa mamembala a bodi ambiri amalandira lipotili litasindikizidwa pa makina osatulutsa mitundu.

Lipoti la chitsanzo chathu latuluka chonchi:

| Mzere | Bajeti kufika Juni | Zenizeni | Kusiyana | Peresenti | Chizindikiro |
|---|---|---|---|---|---|
| Thandizo lolandiridwa | 72,000,000 | 60,000,000 | -12,000,000 | -16.7 | A |
| Malipiro | 18,000,000 | 16,500,000 | 1,500,000 | 8.3 | F |
| Maphunziro a alimi | 15,000,000 | 9,000,000 | 6,000,000 | 40.0 | F |
| Mafuta a galimoto | 7,200,000 | 9,360,000 | -2,160,000 | -30.0 | A |
| Mapampu | 25,200,000 | 27,000,000 | -1,800,000 | -7.1 | A |
| Za mu ofesi | 6,000,000 | 6,120,000 | -120,000 | -2.0 | OK |
| Zotuluka zonse | 71,400,000 | 67,980,000 | 3,420,000 | 4.8 | F |

Musanalikhulupirire, ikani kabokosi koyesera pansi pake: zotuluka zonse za pa lipoti kuchotsapo zotuluka zonse za pulojekitiyi malinga ndi pulogalamu yanu ya mabuku. Yankho liyenera kukhala 0. Likapanda kutero, kawirikawiri pali akaunti yatsopano yomwe ilibe mzere pa lipoti, kapena nambala ya pulojekiti ili ndi mpata wosaoneka kumapeto, kapena madeti ndi ndalama zabwera ngati mawu osati manambala. Izi mudzazizindikira poti zimakhala kumanzere kwa kabokosi, ndipo `SUMIFS` imangozidumpha osakuchenjezani.

Chachisanu, funsani chizindikiro chilichonse kuti chachokera kuti

Mzere wapansi ukuti tapulumutsa K3,420,000. Woyang'ana pamenepo pokha apita kwawo wokondwa. Koma thandizo silinaperekedwe kuti lisungidwe, linaperekedwa kuti ligwire ntchito, ndiye `F` wamkulu pa mzere wa ntchito za kumudzi nthawi zambiri amatanthauza kuti ntchito sinachitike kapena mapepala sanafike ku ofesi. Pa mzere uliwonse wokhala ndi chizindikiro ndimafunsa funso limodzi: kusiyanaku kudzatha kokha miyezi ikubwerayi, kapena tidzakhala nako mpaka Disembala?

Tiyambe ndi maphunziro. Chaka chonse alipo 16, alionse K1,500,000, ndipo 10 amayenera kuchitika pofika Juni. Leja ikuonetsa K9,000,000, yomwe ndi ya maphunziro 6. Woyendetsa pulojekiti akuti iwo achita 8. Mukatsegula mndandanda wa maadivansi uja mupeza kuti alangizi awiri anatenga K1,500,000 aliyense ndipo sanabweretse malisiti ndi mapepala osainira alimi, kotero K3,000,000 ikadali pa akaunti ya adivansi. Maphunziro awiri enawo anaimitsidwa chifukwa alimi anali pa kalikiliki wokolola, ndipo achitika mu Ogasiti. Pa K6,000,000 yonseyo palibe ngakhale tambala yomwe yapulumutsidwa. Theka lake latuluka kale, theka linalo lili ndi mwini wake.

Malipiro ndiye `F` weniweni. Mpando wa mlangizi mmodzi unakhala wopanda munthu miyezi itatu, pa K500,000 pamwezi, ndipo ndalama imeneyo sidzalipidwanso kwa wina aliyense. Komabe funsani kuti ntchito ya mlangiziyo amagwira ndani, chifukwa yankho lake limaonekera pa mzere wa mafuta.

Mafuta ndimawagawa pawiri, za mtengo ndi za kuchuluka, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Bajeti inati malita 2,400 pa K3,000. Buku la galimoto ndi malisiti zikuonetsa malita 2,600 pa K3,600. Kukwera kwa mtengo ndi K600 pa lita, kuchulukitsa ndi malita 2,600 omwe anagulidwa, K1,560,000. Malita 200 oonjezera, pa mtengo wa m'bajeti, ndi K600,000. Zonse pamodzi K2,160,000, ndendende ndi ya pa lipoti. Za mtengo simungamudzudzule nazo dalaivala kapena woyendetsa pulojekiti, zimenezo n'zokakambirana ndi opereka thandizo. Malita 200 aja ndiye ofunika kuwafufuza m'buku la maulendo. Mwina alangizi otsalawo amayenda mtunda wautali kukagwira dera la mnzawo, mwinanso galimoto inapita ku ntchito ya pulojekiti ina koma mafuta n'kulembedwa kuno. Zikakhala choncho, samutsani ndalamayo mu leja ndi chikalata chofotokoza chifukwa, osangosintha nambala pa lipoti.

Mapampu 6 anagulidwa pa K4,500,000 iliyonse m'malo mwa K4,200,000. Awiri otsalawo sadzatsika mtengo.

Mzere womwe umandidetsa nkhawa kwambiri ndi woyamba. Talandira K60,000,000, leja ikuti tagwiritsa ntchito K67,980,000, ndipo tikaonjezerapo maadivansi aja zikukwana K70,980,000. Ngati zonsezo zalipidwa kale, K10,980,000 yachokera m'thumba lina, ndipo m'mabungwe ang'onoang'ono thumba limenelo nthawi zambiri limakhala la pulojekiti ina, chinthu chomwe migwirizano yambiri imaletsa ndipo owerengera mabuku amachigwira msanga. Funsani kuti K12,000,000 yachedwa chifukwa chiyani. Kambiri konse vuto limakhala kwathu konkuno, lipoti la miyezi itatu yapitayo silinatumizidwe pa nthawi yake.

Zomwe mwapeza zilembeni mu kolamu J, chiganizo chimodzi kapena ziwiri, chotchula chifukwa, ndalama, choti chichitike ndi deti lake. Mawu oti "ntchito zinachedwa" sathandiza munthu. Lembani kuti: "K3,000,000 ili pa adivansi, malisiti afike pa 10 Julayi, K3,000,000 ndi ya maphunziro 2 omwe achitike mu Ogasiti." Mawuwa alembe ndi woyendetsa pulojekiti, akauntanti angoona ngati manambala akugwirizana.

Chachisanu ndi chimodzi, yang'anani ku Disembala

Onjezerani kolamu imodzi yomaliza, ya ndalama zomwe mzere uliwonse udzakhale utadya chaka chikamatha. Imeneyi silembedwa ndi fomula yokha, imachokera ku zomwe mwafufuza zija. Malipiro adzathera pa K34,500,000. Maphunziro adzadya K24,000,000 yawo yonse. Mafuta akapitirira momwemu afika K18,720,000 pa bajeti ya K14,400,000. Mapampu 8 pa mtengo watsopano ndi K36,000,000, ndipo za mu ofesi K12,240,000. Kuonkhetsa zonse ndi K125,460,000. Pulojekiti yomwe lero ikuoneka kuti yapulumutsa K3,420,000 ikulowera kokapyoza ndi K5,460,000, ndalama yomwe opereka thandizo sanalonjeze.

Apa tsegulani mgwirizano muwerenge ndime ya kusamutsa ndalama pakati pa mizere. Malire a 10 peresenti omwe tinaika mu B3 ndi athu, otichenjeza ife tokha. Opereka thandizo ali ndi awo, ndipo sayeza mofanana. Ena amayeza pa mzere uliwonse, ena pa gulu la mizere, ndipo malamulo a boma la America, pa 2 CFR 200.308, amalola nthambi yopereka thandizo kufuna chilolezo ndalama zonse zosamutsidwa zikapyola 10 peresenti ya bajeti yonse, pa mathandizo aakulu. Ngati mgwirizano wanu umayeza pa mzere, mafuta okha, pa 30 peresenti, afuna kalata, ndipo chilolezocho chimapemphedwa ndalama zisanatuluke, osati pambuyo.

Ngati bajeti yanu inasainidwa m'madola, mapaundi kapena mayuro, lipotili lipangeninso m'ndalama imeneyo, pa mtengo wosinthira womwe mgwirizano umatchula. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kapena cha pompo kufika pa K1,700. Malipiro a K3,000,000 pamwezi omwe anali madola pafupifupi 2,540 anasanduka madola pafupifupi 1,765, munthu wosachotsedwa ntchito ngakhale mmodzi. M'madola mzerewo unaoneka `F`, pomwe m'makwacha katundu wochokera kunja anafiira. Kusiyana kobwera chifukwa cha kusintha ndalama kuikeni pa mzere wakewake, ndipo musakugwiritse ntchito musanafunse eni ndalama.

M'chitsanzo chathu, kalata yopita kwa opereka thandizo ilembedwe mu Julayi momwemu. Ipemphe kuti K1,500,000 yotsala pa malipiro ipite ku mafuta. Ndalama imeneyi yawerengeredwa kale m'masamu athu, kotero K5,460,000 ija ikadalipo ndipo iyenera kupezeredwa pochokera. Kusiya pampu imodzi mwa ziwiri za mu Okutobala kuchotsapo K4,500,000, kutsala K960,000. Kubwerera pa malita 2,400 m'miyezi isanu ndi umodzi yotsalayi kupulumutsa K720,000 pa mtengo wa K3,600, ndipo K240,000 yomalizayo ndi ija ya mu ofesi, yomwe bungwe lingathe kuisenza ndi ndalama zake. Koma pampu imodziyo ndi kalabu ya alimi yomwe inalonjezedwa kale, ndiye m'kalatamo muikemo njira ziwiri, kuchepetsa mapampu kukhala 7 kapena kuonjezera K4,500,000, n'kumata lipotili pamodzi ndi makotesheni a mapampu ndi malisiti oonetsa mtengo wa mafuta.